Miyezi 7 chitsekereni msika wa mu Diablo III, kalata ya a Hight ija ndaiwerenganso

Amene tinkachezera limodzi chaka chatha mukukumbuka mmene ndinalalatira pa 17 Seputembala 2013, tsiku lomwe a John Hight, mmodzi mwa madailekitala a gemuyi ku kampani ya Blizzard, analemba kalata yoti Auction House, msika wogulitsirana zida mu gemumo, ikutsekedwa pa 18 Malichi 2014, misika yonse iwiri, wagolide ndi wandalama zenizeni womwe. Ndinanena kuti ndikusiya. Sindinasiye, ndipo pano ndi Okutobala 2014, kuno ku Nchalo kukutentha moti laputopu ndikumaikhazika pa njerwa ziwiri kuti izipuma kunsi, koma ndikuseweradi.

Kalatayo inali yaifupi. Mfundo yake inali yoti msika anauika kuti anthu azigulitsana zida mosaberana, koma mapeto ake unapha mtima wa gemu, umene ndi kupha zilombo kuti zikugwetsere zida zabwino. Nthawi imeneyo ndinaona ngati ndi zonena za anthu a netiweki yothamanga. Ine ndimasewera ndi dongo, pa seva ya ku Ulaya, gemu yake yofuna intaneti nthawi zonse olo uli wekha, ndiye ukadina chilombo pamadutsa kaye kamphindi kenaka ndi pomwe nkhwangwa imatera. Msika sunkasamala zimenezo. Umatha kulowa mphindi khumi, kuika katundu, kutuluka, mawa nkupeza golide.

Ndifotokoze mmene ndinkachitira kuti muone pomwe panali vuto, ine ndinkagwiritsa wagolide wokha. Malo oikapo katundu anali 10 basi, ndipo chikagulidwa ankadula 15 peresenti, ndiye mphete ya 1 miliyoni umalandira 850,000. Ndinasonkhanitsa choncho kwa masabata atatu mpaka kukwana 4 miliyoni, ndinalowa mu msika, kusefa kuti indionetse zida za Strength yambiri ndi bowo loikamo mwala, nkusankha yotchipa pa zamphamvuzo. Barbarian wanga, munthu amene ndimasewera naye mu gemumo, anasintha tsiku lomwelo, eee zilombo zimangogwa ngati mapira. Koma tamverani izi, kuchokera tsiku limenelo mpaka msika kutsekedwa, palibe chida olo chimodzi chomwe chinagwa pansi nkuposa chogulacho. Sizikanatheka. Msika unkaunjika zabwino zomwe anthu miyandamiyanda atola, ine ndekha ndi maola anga awiri a usiku ndikanapikisana nawo bwanji? Ndiye chilichonse chogwa ndinkangochiyang'ana ndi diso la venda, kuti ichi chipita pa zingati. Ndinali msodzi wopalasa bwato usiku wonse mu Shire koma mlamba wa ndiwo nkumakagula pa msika.

Chizindikiro chake ndi chimenecho ngati mukufuna kudziwa kuti msika wakudyerani gemu: werengani zomwe munthu wanu wavala, ndi zingati munatola nokha. Ine pa zinthu 13 ndinapeza chimodzi, lamba.

China chomwe kalata sinanene koma tonse tinachiona ndi kugwa kwa golide. Mu Meyi 2013 pachi ya 1.0.8 inabwera ndi kabowo koti anthu ankachulukitsa golide kudzera pa msika, mpaka anautseka kwa masiku angapo. Olo popanda zimenezo mitengo ya zida zapamwamba inkangothawa, iwe ukusunga iyo ikukwera, ngati mtengo wa chimanga mu Januwale.

Tsopano zomwe analonjeza. Anati msika uchoka koma kagwedwe ka zida kasintha, Loot 2.0, ndipo inabweradi kumapeto kwa Febuluwale msika usanatsekedwe, kenaka chigawo chowonjezera cha gemuyi, Reaper of Souls, pa 25 Malichi. Apa sananame. Zida zimagwa zochepa koma zambiri mwa izo zimakhala za munthu amene ukusewera naye, kale Barbarian ankatola nkhwangwa ya Intelligence yoti palibe angaifune, pano zimenezo ndi za apo ndi apo. Mu Meyi anachulukitsanso kagwedwe ka ma Legendary, zida zapamwamba zosowa, pokondwerera zaka ziwiri za gemu, anthu atazikonda anangozisiya choncho.

Nkhwangwa yomwe ndili nayo pano inagwa mu Juni, cha m'ma 11 usiku, kuwala kwa olenji kuja kutatulukira pansi ndinakuwa mpaka mayi a kunyumba kudzuka kufunsa ngati kwalowa njoka. Inali yabwino koma yopanda bowo la mwala. Kale bwenzi nditaigulitsa nkugula ina. Pano umapita nayo kwa Mystic, mmisiri wa mu gemu, amakulola kusintha chinthu chimodzi chokha pa chidacho, ukasankha basi ndi chomwecho mpaka kalekale, ungachibwereze kangapo koma sungasunthire pa china, ndipo mtengo umakwera ulendo uliwonse. Ine bowo linatuluka ulendo wa 7, golide atatsala pang'ono kutha. Samalani apa, mnzanga wina anathamangira kusintha kachinthu kosafunika, pano chida chake chabwinobwino chilibe bowo ndipo kwa Mystic sangachikonzenso. Yambani mwaona chomwe chikusowa kwambiri musanadine.

Koma sindikunamizani kuti zonse zili mushe. Potseka msika anamanganso ma Legendary ndi golide ku akaunti yako, sungampatse munthu. Mpata ulipo umodzi, ngati munali limodzi mu gemu nthawi imene chidacho chimagwa, muli ndi maola awiri oti mupatsane. Kwa anthu ena maola awiri ndi ambiri. Ine ndimasewera ndi achimwene ena a ku Bangula, iwo ndi a Wizard, tsiku lina magetsi anawathimira tili pakati pa Rift, patangopita mphindi zisanu kundigwera ndodo ya Wizard yomwe akhala akuisaka miyezi iwiri. Anabwerera patatha theka la ola atalumikiza pa batire, ndinayesa kuwapatsa, yakana, poti pomwe imagwa iwo munalibe. Anangoti "aise iphwanye basi usandionetsenso". Ndinaiphwanyadi nkutengapo zipangizo. Mpaka lero ndimaona kuti apa mpeni unadula mopitirira, kutseka msika wa anthu osadziwana ndi nkhani ina, kuletsa munthu kupatsa mnzake wa pa mndandanda wa anzake ndi nkhani inanso. Chifukwa chake ndikuchimva, akangotsegula kampata anthu ayambiranso kugulitsana kuseri ndi ndalama, koma kumva sikuti kwasiya kuwawa.

Nanga mantha anga aja a netiweki? Theka anali oona. Pano palibe njira yachidule, zida zimabwera ndi maola amene wakhala ukumenya, ndiye sabata imene netiweki ikuvuta munthu wanga amangoima pomwepo. Chomwe chinandipulumutsa ndi Adventure Mode, ma Bounty ndi timaulendo ta mphindi zochepa, ikaduka wataya kamodzi kokha osati usiku wonse, ndipo ma Blood Shard ndimakatchova kwa Kadala, wamalonda wa mu gemu, pa chinthu chomwe ndikusowa, mwezi uno ndi nsapato. Ma Greater Rift omwe anabwera ndi pachi ya 2.1 mu Ogasiti ndiye ayi, ali ndi wotchi ya mphindi 15, kadongo kakangojejema kawiri basi nthawi yakuthera. Hardcore sindiyerekeza nkomwe, munthu wako akafa kumeneko wafa basi.

Dzulo ndinawerenganso zovala za Barbarian uja. Pa 13, khumi ndinatola ndekha, ziwiri za kwa Kadala, chimodzi ndi mphete yomwe achimwene a ku Bangula anandiponyera mkati mwa maola awiri aja tsiku lina magetsi atakhala bwino mbali zonse. Nkhwangwa ya 4 miliyoni ija ikadali mu bokosi, ndi ya levulo 60, ilibenso ntchito, koma kuiphwanya ndikulephera.