Kubisa kapena kuuza mnzako: ntchito ikatha

Tiyerekeze bambo wa ku Ndirande wachotsedwa ntchito ku Makata, lendi ili pakhosi. Njira zilipo ziwiri.

Yoyamba ndi ija tinakula nayo, yakuti mwamuna salira. Amadzukabe m'mawa, kuvala bwino, kukwera minibasi ngati akupita kuntchito, n'kukaswera pa bawo ku Limbe. Yachiwiri ndi kukhala pansi ndi mkazi wake kapena mnzake mmodzi wosunga chinsinsi, n'kunena kuti zinthu zavuta.

Pa mtengo, kubisa kumaoneka kwaulere, koma thiransipoti yonamizirayo imadya ndalama, mapeto ake katapila. Kuulula kumangofuna kupirira manyazi a tsiku limodzi.

Kubisa sikukhalitsa. Tulo timasowa, ana akumakalipiridwa pa zazing'ono, mowa ukuchuluka, ndipo alandilodi akagogoda zonse zimaululika basi. Kuulula nakonso kuli ndi ngozi yake: mukauza wolongolola, mawa Ndirande yonse yamva.

Kukhala chete kungathandize amene akufuna masiku awiri atatu kuti mtima ukhale pansi. Koma amene wayamba kuganiza zodzipha asadikirenso, auze munthu lero lomwe ndipo apite kuchipatala, ngakhale ku Queens.