Kuchonga mayeso: pepala lonse kapena funso limodzi?

Pali njira ziwiri zochongera mulu wa mapepala 120 a Fomu 4.

Kuchonga pepala lonse kumafulumira, chifukwa pepala mumaligwira kamodzi basi. Koma maso akatopa, yankho lomwe m'mawa linapeza 7 pa 10 madzulo limapeza 5.

Kuchonga funso limodzi pa mulu wonse kumadya nthawi potembenuza masamba, komabe muyeso wa funsolo sutuluka m'mutu. Mukafika funso lachiwiri, yambirani pansi pa mulu, kuti wophunzira womaliza asamakumane ndi kutopa kwanu nthawi zonse. Kopani mayankho atatu ochongedwa kale, muwabise malikisi, muwasakanize mu muluwo. Mukawapatsa malikisi ena, imani mubwerere kumbuyo.

Njira yoyamba imakwanira mayankho afupiafupi. Chimangirizo, ine sindingachichonge popanda yachiwiriyi.