Chithunzi chikakana kupita: sikirinishoti, WhatsApp kapena kuchichepetsa?

Sabata yatha mng'ono wanga ankalemba fomu yofunsira ntchito pafoni, ndipo pomaliza panafunika chithunzi cha satifiketi yake. Pansi pa bokosi panalembedwa kuti "JPG or PNG, max 2 MB". Anayesa kanayi konse, chithunzi osapita, bandulo ikungotha. Nditayang'ana ndinapeza kuti fayilo yake inali IMG_2041.HEIC, ya 2.8 MB. Mavuto anali awiri, mtundu wa fayilo ndi kukula kwake, ndipo netiweki yomwe ankaidandaulayo inalibe mlandu.

Musanasankhe njira, onani mmene chithunzicho chikukanira. Chikakanidwa mutangochisankha, kapena chikaoneka chotuwa osatheka kuchidina, kawirikawiri vuto ndi mtundu wa fayilo. Mafoni a iPhone kuyambira 2017 amasunga zithunzi ngati HEIC, ndipo zambiri zotengedwa pa intaneti zimabwera ngati WebP. Mafomu ambiri salandira mitundu iwiriyi. Mukaona mawu akuti "File too large" kapena nambala 413, ndiye kuti chakula. Koma kamzere kosonyeza mmene fayilo ikupitira kakayenda pang'ono n'kuima panjira, lero apa mawa apo, ndi netiweki.

Njira imene ambiri amathamangira ndi sikirinishoti: kutsegula chithunzi n'kujambula zimene zili pagalasi la foni. Ndi yachangu ndipo siidya data. Fayilo imatuluka ngati PNG kapena JPG, ndiye vuto la HEIC latha. Koma pa satifiketi ine sindiikonda m'pang'ono pomwe. Kamera inajambula timadontho 4032 m'litali ndi 3024 m'lifupi, pamene sikirinishoti imangotenga zokwana pagalasi. Tinaiyesa, dzina linkawerengeka, koma nambala ya satifiketi ndi chidindo zinali mbuu. Komanso PNG ya chithunzi cha kamera imatha kulemera kuposa 2 MB, n'kukanidwanso.

Kudzitumizira pa WhatsApp kuli bwinoko. Mukatumiza ngati chithunzi wamba, osadina HD, WhatsApp imachisandutsa JPG n'kuchichepetsa kufika timadontho pafupifupi 1600 mbali yaitali, ndipo nthawi zambiri chimatsika pansi pa theka la MB. Mavuto awiri aja amathera pamodzi. Chenjerani apa: mukatumiza ngati Document, fayilo imapita momwe ilili, HEIC yomweyo, kukula komweko. Musaiwalenso kusunga chithunzi chatsopanocho n'kusankha chimenecho pafomu, chifukwa ziwirizi zimafanana kwambiri m'maso. Ife tinatenga njira imeneyi, chithunzi chinatuluka 310 KB, zilembo zikuwerengeka, ndipo chinapita ulendo umodzi.

Njira imene ndimaidalira kwambiri ndi kuchepetsa nokha ndi pulogalamu ya mufoni kapena pakompyuta, monga Paint pa Windows. Mumasankha nokha kukula kwake, tinene 2000 mbali yaitali, n'kusunga ngati JPG. Imatenga kanthawi, koma fomu ikanena kuti 200 KB basi, ndi yokhayi yomwe imakufikitsani pamene akufunapo. Masamba a pa intaneti ochepetsera zithunzi amachita zomwezo, koma amafuna muwatumizire kaye fayilo yaikulu ija, ndiye netiweki ikafooka simupindula kanthu. Ndiponso chiphaso chanu kapena pepala la kubanki musamalipereke kwa anthu osawadziwa, chonde.

Pa nkhani ya netiweki, kuchepetsa chithunzi kumathandiza kuposa kuyesa mobwerezabwereza. Timizere ta pamwamba pa foni timangosonyeza mphamvu ya siginolo, osati liwiro, ndipo kutumiza kumachedwa kuposa kulandira. N'chifukwa chake mumatha kuonera kanema bwinobwino koma chithunzi n'kukanika. Tiwerengere limodzi: fayilo ya 4 MB ndi mamegabiti 32, ndipo liwiro lotumizira likakhala 0.2 Mbps imafuna masekondi 160. Netiweki ikaduka pang'ono mkati mwa nthawi imeneyi, mafomu ambiri amayambiranso pachiyambi, data yapita kale. Ya 300 KB pa liwiro lomwelo imatha m'masekondi 12. Foni ikamaonetsa E m'malo mwa 4G, sunthani kaye kapena dikirani.

Kusintha dzina la fayilo kuchoka ku .heic kupita ku .jpg musakuyese, chifukwa mkati mwake imakhalabe HEIC, ndipo ngakhale fomu itailandira, woitsegulayo akhoza kulephera kuiona. Ngati muli ndi iPhone ndipo mumalemba mafomu kawirikawiri, lowani mu Settings, kenako Camera, kenako Formats n'kusankha Most Compatible. Zithunzi zatsopano zizituluka ngati JPG, ngakhale kuti zizidya malo ochulukirapo mufoni. Zakale zomwe munajambula kale sizisintha, ndiye satifiketi ija mungoijambulanso, mutaiyala pamalo owala.