Zitseko zamisinkhu yambiri mu AutoCAD: Stretch kapena Visibility?

Anzanga andifunsa kambirimbiri kuti njira yabwino ndi iti yopangira dynamic block, buloko imodzi ya chitseko yotha kusintha kukula kwake, ndiye ndaganiza zongolemba. Njira zonse ziwiri ndazigwiritsapo ntchito, koma imodzi inandipweteka.

Ndinayamba ndi Visibility chifukwa ndi yosavuta. Mumajambula chitseko cha mamilimita 700, 800, 900 ndi 1000 m'lifupi mu BEDIT, momwe mumakonzera buloko, chilichonse n'kuchipatsa dzina lake mu BVSTATE. Chimene sindinadziwe n'chakuti buloko imodzi imalola Visibility imodzi yokha. Nditafuna kuti chitseko chizioneka chotseka, chotsegula pang'ono kapena chotseguliratu, zojambula zinayi zija zinasanduka khumi ndi ziwiri, zonse zitasanjikizana pamalo amodzi. Kenako panafunika kusintha kukhuthala kwa thabwa kuchoka pa 40 kufika pa 44. Ndinasintha chimodzichimodzi, n'kuiwala cha 800 chotsegula pang'ono, ndipo mapulani anatuluka ndi cholakwikacho. Zimandiwawabe mpaka lero.

Stretch imafuna kuleza mtima poyamba, koma chojambula chimakhala chimodzi. Ikani Linear, muyeso umene Stretch imatsatira, kuchokera pomwe pali mahinji kufika kumapeto kwa khomo, ndipo pa Number of Grips musiye 1. Pa Dist type sankhani List n'kulembamo misinkhu inayi ija, kuti wina asakoke chitseko cha 837. Stretch yoyamba isunthe felemu la mbali inayo. Yachiwiri italikitse thabwa, koma poti lajambulidwa lotsegula, Angle offset yake ikhale 90. Likafupika m'malo motalika, ikani 270.

Ambiri amagwa pa uta wosonyeza mmene chitseko chimatsegukira. Musauike mu Stretch. Nsonga imodzi imasuntha, inayo n'kutsala, ndiye utawo umapindika ndipo pakati pake pamachoka pa mahinji. Upatseni Scale yomangirira pa Linear yomweyo, kuti uzikula kuchokera pa mahinjipo. Kenako lowani mu BTESTBLOCK mukokere pa 1000. Ngati nsonga ya uta sikukumana ndi nsonga ya thabwa, chilipo chalakwika.

Chitseko chizitsegukira kumanja kapena kumanzere? Flip imathetsa nkhaniyo, simufunika kujambulanso.

Visibility sindinaitaye. Ndimaisungira zinthu zosiyana maonekedwe enieni, monga chitseko chagalasi ndi chathabwa, zomwe kukoka sikungasinthe. Mukamaphatikiza ziwirizi samalani, chifukwa mizere yobisika siilowa yokha mu Stretch. Ikani BVMODE pa 1 kuti izioneka mozimiririka, ndipo mutsimikize kuti ili m'gulu la zosunthidwa. Mukapanda kutero, mudzasankha chagalasi pa 900 n'kupeza galasi lidakali pa 700.

Kwa ine, msinkhu wonse upite ku Stretch ndi List. Ku Visibility ndimangosiyako mayina awiri kapena atatu, ndipo ndikaona kuti ndayamba kulemba nambala m'mayinawo, ndimadziwa kuti ndabwerera kunjira yomwe inandipweteka ija.