Dzinja la ku Cape Town limabwera m'mwezi wa Juni

Chaka chilichonse kukafika Julayi, mayi anga aang'ono amayamba kudandaula kuti mwana uja wasintha, sakutumizanso kanthu. Ndikawauza kuti kuno kukugwa mvula, amaseka. Kwathu ku Thyolo mvula ndi nkhani yabwino, ndiye munthu angasowe bwanji ndalama chifukwa cha mvula? Ndaona kuti ndilembe bwinobwino, chifukwa si iwo okha amene amaganiza choncho, ndipo anyamata ambiri amene akukonzeka kubwera kuno amangofunsa za malipiro a pa tsiku, osafunsa kuti masiku ogwira ntchitowo amakhala angati.

Ine ndimapenta nyumba. Ndakhala ku Cape Town zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo chimene chinandizunguza mutu chaka choyamba n'chakuti nyengo ya kuno ndi yotembenuka. Ku Johannesburg mvula imagwa nthawi yofanana ndi kwathu, kukatentha. Kuno ayi. Imayamba cha mu Meyi, imalimba mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, ndipo nthawi zina imakakamira mpaka Seputembala. Imabwera pamodzi ndi chisanu. Amene munakulira ku Thyolo kapena ku Mulanje, ganizirani chiperoni, koma chiperoni chokhala ndi mphepo yoti n'kukuzunguzani pamsewu, chimene chimagwa masiku atatu, n'kupuma awiri, n'kubweranso, mpaka miyezi inayi. Si mvula yamabingu ija yogwa ola limodzi dzuwa n'kuwalanso. Imachokera kunyanja, ndipo chizindikiro chake ndi mphepo: ikatembenuka n'kuyamba kuwomba kuchokera kumpoto chakumadzulo, mitambo n'kuphimba kaphiri ka Lion's Head, dziwani kuti mawa simukwera makwerero.

Sigwanso mofanana mumzinda wonse. Ku Newlands ndi madera ena otsamira kumbuyo kwa phiri la Table Mountain imagwa yoposa kawiri ya kubwalo la ndege. Ndakhalapo nditanyamuka kunyumba kuli kouma, kukafika kuntchito kumbali imeneyo n'kupeza madzi akuyenda mumsewu.

Ntchito yathu imadana ndi chinyezi. Khoma lakunja likanyowa silipentedwa, ndipo mvula ikasiya limafuna tsiku limodzi kapena awiri kuti liume mpaka mkati. Mukachita phuma, utoto umaoneka bwino sabata yoyamba, kenako umatukusira ngati matuza a moto n'kuyamba kusupuka, bwana n'kukubwezani kukapala popanda malipiro. Ngakhale tsiku lopanda mvula ndi lalifupi. Mu Juni dzuwa limatuluka cha m'ma 8 koloko m'mawa, n'kulowa isanakwane 6 koloko, ndipo mame samauma pakhoma mpaka cha m'ma 10. Cha m'ma 3 koloko timatsuka maburashi, chifukwa utoto wopakidwa mochedwa suuma usiku kukazizira. Mabwana ochenjera amasungira miyezi imeneyi ntchito za m'kati mwa nyumba, koma sizikwanira tonse. Anzanga ogwira m'magadeni, omanga, ngakhale operekera zakudya m'malesitilanti amalira chimodzimodzi, poti alendo odzaona malo amachuluka kuyambira Disembala mpaka cha mu Malichi.

Ndikuonetseni kabuku kanga. Mu Febuluwale ndinagwira masiku 24 pa R300 patsiku, ndalama zonse R7,200. Mu Julayi ndinagwira masiku 11 okha, ndiye kuti R3,300. Lendi ya chipinda changa ndi R1,800, ndipo lendi sidziwa kuti kunja kukugwa mvula. Chakudya ndimayesetsa kuti chisapitirire R1,300. Thiransipoti ndi R40 kupita ndi kubwera, koma mwezi umenewo ndinakwera masiku 15, osati 11, chifukwa masiku anayi ndinakafika n'kuuzidwa kuti bwererani, khoma lanyowa. Imeneyo ndi R600.

Chimene chimaluma kwenikweni ndi magetsi. Kuno ambiri timagula mayunitsi ngati kwathu. R100 imandipatsa mayunitsi pafupifupi 28. Hita yaing'ono ya mawatsi 2,000 imadya mayunitsi awiri pa ola, ndiye R100 ija imapsa m'maola 14. Ndikaiyatsa maola atatu okha madzulo aliwonse, pakutha pa mwezi yadya ndalama yoposa R600. Magetsi amene ndimalipira R250 nthawi yotentha amafika cha pa R900. Kuwonjezera apo, mitengo yatsopano ya magetsi a khonsolo imayamba pa 1 Julayi, pakati penipeni pa chisanu, ngati kuti anachita kupangana. Mukaphatikiza zonse, Julayi anandidyera R4,600, ine nditapeza R3,300. Kupereweraku ndi R1,300, ndisanagule sopo, ndisanaike yunitsi mufoni, ndisanatumize ngakhale kwacha imodzi ku Thyolo. Miyezi itatu yotere ndi pafupifupi R4,000. Ndiye kuyambira Febuluwale mpaka Meyi ndimabisa R1,000 mwezi uliwonse, ndipo ndalama imeneyi sindiitchula pafoni, chifukwa ikangodziwika imapeza maliro ake.

Chaka choyamba sindinkadziwa zimenezi. Ndinafika mu Novembala, ntchito ili mbwee, n'kumatumiza chilichonse chotsala. Ndinapezanso chipinda chotchipa, kanyumba ka malata kuseri kwa nyumba ya munthu, kamene kuno amati hoki. Panali pouma, pamchenga woyera, ndipo ndinadziona wamwayi. Dera lalikulu la Cape Flats, kumene kuli makomboni ngati Philippi, Gugulethu ndi Khayelitsha, ndi lathyathyathya komanso lamchenga, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Mvula ikagwa masabata angapo, madziwo amakwera. Salowera pakhomo kapena padenga, amachita kutumphuka pansi. Usiku wina mu Julayi ndinatsitsa phazi pabedi n'kuponda m'madzi ozizira ofika mu akakolo, nsapato zanga zikuyandama cha kukhomo, thumba la ufa litamwa madzi theka. Ndinakhala sabata ziwiri bedi lili pa njerwa, ndikuyenda pa mapulanga a mapaleti.

Tsopano mnyamata watsopano akandipempha kuti ndimuperekeze kukaona chipinda, sindiyang'ana kukula kwake. Ndimagwada n'kuona m'munsi mwa khoma. Pakakhala mzere wakuda kapena dzimbiri lofika pamlingo umodzi kuzungulira chipinda chonse, pamenepo ndi pamene madzi anafika chaka chatha. Ndimaona ngati pansi pa chipinda ndi pokwera kuposa pabwalo. Ndimanunkhiza m'makona ndi kuseri kwa chitseko, chifukwa chuku sichibisika ngakhale apakepo laimu. Ndipo ndimafunsa mayi woyandikana naye, osati mwini nyumba. Chipinda cha njerwa chokwera mtengo ndi R500 pamwezi chimatchipa kuposa kugula matiresi ena ndi kugona ndi chifuwa mpaka Okutobala.

Za zovala ndinaphunziranso mochedwa. Ndinabwera ndi jekete lalikulu la pa kaunjika wa ku Limbe, lolemera, laubweya mkati, ndikudziti ndakonzeka. Linanyowa tsiku limodzi n'kutenga masiku anayi kuti liume, ndipo litauma linkanunkha ngati galu. Kuzizira kwa kuno sikufika poundana madzi, usiku kumatsika cha pa madigiri 7, masana n'kukwera mpaka 17 kapena 18. Vuto ndi kunyowa ndi mphepo. Chofunika ndi kuvala mosanjikiza: sikipa mkati, juzi pamwamba, kenako jekete lopepuka losalowa madzi lokhala ndi chipewa chake. Dzuwa likatuluka masana mumavula chimodzi. Ambulera musataye nayo ndalama. Ine ndinathyoletsa atatu ndisanamvetse chifukwa chake eni dziko amangoyenda atakoka chipewa kumutu. Gulani majombo a mphira oyendera m'matope a kukomboni, nsapato zabwino muziika m'jumbo n'kukavala mukafika. Masokosi akhale ambiri, mapeyala asanu ndi limodzi kapena kuposa, chifukwa chochapa Lolemba mwina chiuma Lachinayi. Ndipo zonsezi muzigula mu Seputembala, masitolo akamatsitsa mitengo kuti achotse katundu wa chisanu, osati mu Meyi aliyense akuzifuna.

Kuyanika zovala m'chipinda chotseka kumabweretsa chuku. Chinyezi chimakhala pamakoma ndi pamalata, m'mawa n'kumadontha ngati denga likudontha pamene silikudontha. Ndimatsegula zenera pang'ono ngakhale kukuzizira, bedi ndimalisuntha kuti lisagunde khoma, ndipo mawanga akuda akayamba ndimapukuta ndi madzi othira jiki. Sutu yanga ya kutchalitchi inachita chuku yonse ili m'sutikesi pansi pa bedi, osaivala n'kamodzi komwe.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani kuti muwauze ana anu ali kuno. Magetsi akakwera mtengo, anthu amathawira ku hita ya palafini kapena kulowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka paliponse. Utsi wa makala wakuphawo suoneka ndipo sununkha. Umayamba ndi mutu, chizungulire ndi tulo, ndipo munthu amangoganiza kuti watopa. Mbaula iziyakira panja, ndipo isagone m'nyumba. Ine madzulo ndimawiritsa ketulo imodzi, kuthira madziwo m'botolo la mphira lofunditsira, n'kulowa nalo m'mabulangete awiri. Zimenezi sizidya ngakhale theka la yunitsi.

Mvulayi sitiitukwana mokweza. Ndi imene imadzaza madamu ngati Theewaterskloof, ndipo anzanga amene analipo mu 2018 amasimba za nthawi imene madamu anatsala pang'ono kuuma, munthu aliyense n'kuloledwa malita 50 okha patsiku. Nyengo yotenthanso ili ndi zake: mphepo ya kumwera chakum'mawa imene amaitcha Cape Doctor imatha kukutsitsani pamakwerero, imamwaza mchenga pa utoto wauwisi, ndipo moto ukabuka kukomboni imauthamangitsa. Pakati pa Disembala makampani omanga amatseka mpaka kumayambiriro kwa Januwale, ndiye ife olipidwa patsiku timakhalanso masabata atatu tili manja lende.

Chovuta n'chakuti kalendala ya kuno ndi ya kwathu zimagundana pamalo oipa. Sukulu kwathu zimatsegulira mu Seputembala, ine ndikungotuluka kumene m'chisanu, kathumba kaja katatha. Fizi isanaiwalike, mu Okutobala ndi Novembala mwayamba kufunsa za feteleza ndi mbewu. Chaka chino ndinagwirizana ndi mayi aang'ono kuti ndalama ya feteleza ndizitumiza mu Malichi ndi Epulo, iwo agule matumbawo nthawi yomweyo n'kuwasanja pa mapulanga m'chipinda chouma. Anavomera, ngakhale anafunsa kawiri ngati mvula ya kunoyo ilidi yoona. Ndinawajambulira kavidiyo ka pabwalo, madzi atafika pa sitepe yachiwiri, ana a eni nyumba akuyendetsa beseni ngati bwato. Anandiyankha kuti pamalo ponyowa chonchi bwenzi nditadzalapo mpunga.