Laso kapena riji polosera mtengo wa chimanga ku Limbe

Tiyerekeze kuti tikufuna kulosera mtengo wa chimanga wa mwezi wamawa pa msika wa Limbe. Tili ndi miyezi 96 yokha, pomwe zolozera zilipo 60: mitengo ya ku Lunzu, Thyolo ndi Mwanza, mvula ya ku Chileka, mtengo wa mafuta ndi zina, chilichonse tikuchitenga mmene chinalili m'miyezi 3 yapitayo. Zolozera zikachuluka chotere, masamu amangoloweza zakale pamtima, n'kulephera za mawa.

Njira ziwiri zothana ndi vutoli, riji ndi laso, zonse zimalanga mphamvu β imene cholozera chapatsidwa, ndipo λ ndiye kukula kwa chilangocho. Riji, ya Hoerl ndi Kennard ya mu 1970, imalanga ½λΣβ², pomwe laso, ya Tibshirani ya mu 1996, imalanga λΣ|β|, tikatsata kalembedwe ka `glmnet` ya mu pulogalamu ya R. Tengani zolozera ziwiri zosayenderana, zoikidwa pa muyeso umodzi, za mphamvu 3.0 ndi 0.4, ndipo λ ikhale 0.5. Riji imagawa zonse ndi 1.5, n'kutsala 2.0 ndi 0.27, laso imachotsa 0.5 paliponse, n'kutsala 2.5 ndi 0, kutanthauza kuti chachiwiricho chatayidwa.

Kutayaku n'kumene kumakopa ambiri, chifukwa mndandanda waufupi suvuta kufotokozera abwana. Koma mitengo ya ku Lunzu ndi ku Thyolo imakwerera limodzi m'miyezi ya njala n'kutsikira limodzi pokolola, ndipo zikatero laso imakonda kugwira msika umodzi n'kusiya unzake. Mukawonjeza miyezi ingapo, mutha kupeza kuti yasintha, yagwira uja inausiya. Chimenecho n'chizindikiro choti 0 uja sanatanthauze kuti msikawo ulibe ntchito. Riji imagawira misika yonse mphamvu pang'onopang'ono, motero ulosi wake sugwedezeka kwambiri, ndipo pa chimanga ine ndimayambira pamenepo. Laso ndimaisungira pomwe ndikukhulupirira kuti zolozera zenizeni n'zochepa.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kasankhidwe ka λ. Mu R, `cv.glmnet` imasakaniza mizere mwachisawawa m'magulu 10, choncho mwezi wa Febuluwale umaloseredwa ndi masamu amene aona kale Malichi. Zolakwa zimaoneka zochepa, koma n'chinyengo, ndipo chilango chosankhidwa chitha kuchepa. Koyenera n'kutsata nthawi: phunzitsani pa miyezi 60 yoyamba, loserani wa 61, onjezani mwezi umodzi, loserani wa 62, mpaka maulosi akwane 36, ndipo muchite zimenezi pa λ iliyonse. Riji ndi `alpha = 0`, laso ndi `alpha = 1`, ndipo iliyonse isankhidwire λ yakeyake. Zolozera ziikidwe pa muyeso umodzi pogwiritsa ntchito miyezi yophunzitsira yokha, apo ayi mamilimita a mvula ndi makwacha salangidwa mofanana.

Maulosi 36 ndi ochepa, kotero λ zingapo zikayandikana pa zolakwa, ndimatenga yaikulu mwa izo, monga mmene `lambda.1se` imachitira.