Manambala a Aroma, a Ababulo ndi a ku India: ziro anasintha chani kwenikweni?

Anthu amakonda kunyoza manambala achiroma koma pophatikiza sanali oipa ayi. Tengani XXVII ndi XVI, mungosonkhanitsa zilembo zofanana, ma X atatu, ma V awiri omwe akupanga X wina, ndi ma I atatu, basi mwapeza 43. Vuto limayamba mukafuna kutaimusa. Yesani CCVII kutaimusa ndi XIII papepala muone, palibe mzere woti muikepo chilichonse chifukwa X ndi khumi kulikonse komwe waima, malo ake sakuuzani kanthu. Nchifukwa chake eni akewo ankawerengera pa abakasi, bolodi la mizere loikapo timiyala, zilembozo zinali zongolembera ansala.

Ababulo anali patsogolo, ndipo ine ndimawapatsa ulemu kwambiri. Iwo anazindikira kalekale kuti chizindikiro chimodzi chitha kusintha mphamvu malinga ndi malo ake, kungoti ankawerenga m'magulu a 60 osati a 10. Ndiye 61 ankalemba 1 kenako 1, kutanthauza 60 mmodzi ndi kamodzi. Nanga 3601? Ameneyo ndi 3600 mmodzi, pa malo a 60 palibe kanthu, kenako 1, ndiye polemba akuonekanso ngati 1 ndi 1 yemweyo, kusiyana kwake kampata kokha pakati, ndipo mlembi akafinya zolemba zake padongopo kampatako kasowa. Cha m'ma 300 Yesu asanabadwe anali atayamba kuika timizere tiwiri topendekera pa malo opanda kanthuwo, koma kanali kachizindikiro kongosunga malo, sankakatenga ngati nambala yoti nkuiphatikiza kapena kuichotsera.

Ku India ndi komwe zinthu ziwirizi zinakumana, magulu a 10 ndi ziro amene ali nambala payekha. Mu 628 Yesu atabadwa, katswiri wa masamu wa kumeneko Brahmagupta analemba malamulo ake, monga akuti nambala ukaichotsera yokha yomwe utsala ndi ziro, ndipo chilichonse ukataimusa ndi ziro chimapereka ziro. Pogawa pokha ndi pomwe anaphonya, anati ziro kugawa ndi ziro ndi ziro, zomwe masamu a lero amakana. Njirayi inafika ku Baghdad komwe katswiri wina al-Khwarizmi anaifotokoza cha m'ma 825, kenako Fibonacci wa ku Italy anaifalitsa ku Ulaya ndi buku lake la mu 1202.

Tsopano bwererani ku samu ija, 207 kutaimusa ndi 13. Katatu ndi 621, kakhumi mungokankhira manambala onse malo amodzi kumanzere nkutseka ndi ziro, 2070, kuphatikiza 2691. Mwangofunika kudziwa matebulo mpaka 9 basi, ndipo sitepe iliyonse yatsala papepala moti mukalakwitsa mutha kubwerera nkupeza pomwe panalakwika, pomwe pa abakasi timiyala tikasuntha zakale zafufutika. Ziro wa pakati pa 207 uja ndi mzere wa abakasi wopanda mwala, kungoti pano walembedwa. Muiwaleni muone, mutaimusa 27 nkupeza 351.